Galasi la Diso Likayamba Kupyapyala

Pakati pa matenda a maso amene amagwira achinyamata pali nthenda ina imene dzina lake silinazolowereke m'makutu mwa anthu ambiri, ndiyo keratokonasi. Nthendayi siitupitsa diso, siitulutsa mafinya, ndipo pachiyambi siipweteka. Mwana amene ali nayo amangooneka ngati wofuna magalasi, ndipo akawalandira amaona bwino kwa miyezi yowerengeka, kenaka nkuyambanso kutsinzinira pobolodi monga kale. Makolo amaganiza kuti magalasiwo anali olakwika. Mphunzitsi amaganiza kuti mwanayo wayamba ulesi. Chikhalirecho m'disomo muli kuchitika chinthu chimene sichibwerera m'mbuyo, ndipo nthawi yothandiza mosavuta ili kutha.

Kumaso kwa diso, patsogolo pa kachigawo kakuda kaja, pali kachikopa koonekera ngati galasi la wotchi ya pamkono. Madokotala amakatchula kuti koniya. Kutambalala kwake ndi mamilimita 11 kapena 12, ndipo kuchindikala kwake pakatikati ndi theka la milimita ndi pang'ono, ndiye kuti mamaikuloni 540 mwa anthu ambiri, poti milimita imodzi ili ndi mamaikuloni 1,000. Wofuna kuona kuchindikala kumeneku ndi maso asanjike mapepala asanu a m'kope la kusukulu. Kachikopa kopyapyala choteroko ndiko kamagwira mbali ziwiri mwa zitatu za ntchito yokhotetsa kuwala kuti chithunzi chigwe bwino kumbuyo kwa diso. Kamatha kutero chifukwa nkokhota mosalala ndi mofanana mbali zonse, monga chipanda chosemedwa bwino. Kukhota kumeneku kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa dayoputa, ndipo koniya wabwinobwino amakhala ndi madayoputa 43 kapena 44.

M'kati mwa koniya muli timitsitsi tambirimbiri ta kolajeni, toyalidwa mosanjikizana ndi tomangirirana. Mwa munthu wa keratokonasi kumangirirana kumeneku nkofooka. Tsono popeza madzi a m'diso amakankhira kunja usana ndi usiku, pamalo pofookapo pamapyapyala ndi kutuza, kawirikawiri chakumunsi pang'ono kwa pakati, mpaka koniya amasongoka ngati denga la nkhokwe. Kuwala kodutsa pansonga yotere kumamwazika. Munthu amaona mwezi umodzi ngati miyezi itatu kapena inayi yogundana, nyali za galimoto usiku zimatuluka michira, ndipo zilembo zimakhala ndi zithunzithunzi pambali pake. Magalasi wamba amakonza kukhota kofanana. Kukhota kosalongosoka ngati kumeneku amangokukonza pang'ono, ndipo nthendayo ikakula amalephereratu.

Dokotala wa ku Mangalande, John Nottingham, ndiye analongosola nthendayi mwatsatanetsatane m'chaka cha 1854. Kwa nthawi yaitali ankaiwerengera ngati yosowa, yogwira munthu mmodzi mwa 2,000, koma makina oyezera atayamba kuona bwino, chiwerengero cha ku Holande cha mu 2017 chinapeza munthu mmodzi mwa 375. Imayamba kwambiri pamsinkhu wotha msinkhu, imathamanga m'zaka za unyamata, ndipo imazilala yokha munthu akamafika zaka za m'ma 30 kapena 40, chifukwa koniya amauma mwachibadwa pamene munthu akukula. Imagwira maso onse awiri, koma limodzi limatsogola. Ichi ndicho chimabisa nthendayi: diso labwinolo limagwirira linzake ntchito, ndipo mwana sadziwa kanthu mpaka tsiku limene adzaphimbe diso limodzi ndi dzanja.

Nthendayi imayenda m'magazi m'mabanja ena, ndiponso imapezeka kwambiri mwa ana obadwa ndi chilema chija madokotala anachitcha dzina la Down. Koma chinthu chimene makolo ndi aphunzitsi angachigwire ndi manja ndi kutikita maso. Mu Afirika muno muli ana ambiri, makamaka anyamata, amene maso awo amayabwa chaka ndi chaka, amatuluka misozi, ndipo poyera pa diso pamasanduka podera. Mwana wotere amatikita ndi mfundo za zala mwamphamvu, kambirimbiri patsiku, kwa zaka. Kwa koniya wofooka kale, kutikita kumeneku kuli ngati kupondaponda pa mphasa yotha ulusi. Motero kuchiza kuyabwako ndi mbali ya kuchiza keratokonasi. Koma apanso pali msampha. Mankhwala odonthezera a mtundu wa siteroidi amaletsa kuyabwa msanga, ndipo chifukwa cha ichi anthu amawagula okha nkumadontheza miyezi ndi miyezi. Akagwiritsidwa ntchito popanda dokotala woyang'anira amakweza mphamvu ya madzi a m'diso, kuwononga mtsempha woonera, ndi kubweretsa ng'ala.

Mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 panalibe njira yoimitsira nthendayi. Dokotala ankangoperekeza wodwala: magalasi poyamba, kenaka timagalasi touma tovala padiso penipeni, ndipo pomaliza, kwa mmodzi kapena awiri mwa odwala khumi, kusintha koniya. Zinthu zinasintha mumzinda wa Dresden ku Jeremani, kumene dokotala wa maso Theo Seiler ndi katswiri wa sayansi Eberhard Spoerl anayamba kuyesa njira zoumitsira koniya. Ganizo lawo silinali lachilendo kwa amisiri, pakuti madokotala a mano anali kale kuumitsa zomatira m'mano ndi kuwala. M'chaka cha 2003 Gregor Wollensak pamodzi ndi awiriwa anafalitsa zotsatira za maso 23 a anthu 22. M'maso onsewo nthendayo inaima, ndipo m'maso ambiri nsonga ija inaphwa pang'ono, ndi madayoputa awiri kapena kuyandikira apo. Njirayi ndiyo ikutchedwa kurosilinki, kutanthauza kumangirira mopingasa. Dziko la Amereka linaivomereza mochedwa, mu 2016.

Wosoka mphasa amamvetsa msanga. Bango loyalidwa pansi popanda chingwe limabalalika ukalipondapo, koma likasokedwa mopingasa limakhala chinthu chimodzi cholimba. Kurosilinki sionjezera bango latsopano. Imangoonjezera zingwe pakati pa timitsitsi ta kolajeni timene tatsalapo.

Machitidwe ake monga anawakhazikitsira a ku Dresden ali motere. Wodwala amagona chagada ali maso, ndipo diso limachititsidwa dzanzi ndi mankhwala odontheza. Dokotala amapala kakhungu ka pamwamba pa koniya, kochindikala mamaikuloni 50, pabwalo la mamilimita 8 kapena 9, chifukwa kakhunguka kamatsekereza mankhwala. Kenaka amadonthezapo raibofulavini, amene ndi vitamini B2 yemwe uja, wachikasu, wosungunulidwa pa muyeso wa gawo limodzi mwa 1,000. Amadontheza mobwerezabwereza kwa mphindi 30 mpaka koniya yense atamwa. Atatero amaunikapo kuwala kwa alutiravayoleti kwa mphindi zinanso 30, pa mphamvu ya mamiliwati 3 pa sentimita imodzi ya mbali zonse. Raibofulavini akalandira kuwalako amatulutsa timphamvu timene timalumikiza kolajeni wina kwa mnzake. Masiku ano zipatala zambiri zimafupikitsa nthawi, mamiliwati 9 kwa mphindi 10, kuti kuwala konse kolowa kukhale kofanana ndi kwa poyamba. Palinso njira zosapala kakhungu kaja. Zimapweteka pang'ono, koma m'mayeso ambiri kulimba kwake kunachepa poyerekeza ndi njira yopala.

Pamachitidwe onsewa pali nambala imodzi imene imalamula zonse, ndiyo mamaikuloni 400. Kuseri kwa koniya, m'kati, kuli mzere umodzi wokha wa maselo amene ntchito yawo ndi kupopa madzi kuti koniya asanyowe ndi kuchita mbuu. Maselo amenewa akafa sabadwanso. Kuwala kwa alutiravayoleti kumawapha kukawafika ndi mphamvu. Raibofulavini amene wamwedwa uja amagwiranso ntchito ya mthunzi, kumeza kuwalako pang'onopang'ono pamene kukulowa, kotero kuti kumanga kumachitika m'mamaikuloni 300 a pamwamba, ndipo pofika pa 400 kuwalako kumakhala kutafooka mosavulaza. Choncho koniya amene wapyapyala kupitirira pamenepa, atachotsa kakhungu ka pamwamba, sakhalanso ndi mthunzi wokwanira. Akatswiri ali nazo njira zozembera vutoli, monga kutupitsa koniya kwa kanthawi ndi raibofulavini wamadzimadzi kapena kuchepetsa kuwala, koma zimafuna luso lochuluka ndipo zotsatira zake sizidalirika mofanana. Kusiyana kwa mapepala asanu ndi anayi a m'kope kuja ndiko kusiyana kwa diso lothandizika m'ola limodzi ndi diso lovuta.

Kuti zimenezi zimveke, nachi chitsanzo chongoyerekeza, chokhala ndi manambala onga amene dokotala amakumana nawo. Mnyamata wa zaka 15 wa Fomu 2 wasintha magalasi katatu m'zaka ziwiri, ndipo maso ake akhala oyabwa kuyambira ali ku pulaimale. Woyeza maso pounika m'diso aona kuwala kobwerako kukutseguka ndi kutseka ngati lumo la telala, chimene ndi chizindikiro chodziwika cha nthendayi, ndipo amutumiza kwa dokotala wamkulu. Kumeneko makina ajambula mapu a koniya, osonyeza kukhota ndi kuchindikala pamalo alionse. Diso lamanja: pansonga madayoputa 49, popyapyalitsitsa mamaikuloni 480. Diso lamanzere: madayoputa 62, mamaikuloni 370. Mnyamatayo ndi makolo ake nkhawa yawo yonse ili pa lamanzere, limene silitha kuwerenga ngakhale chilembo chachikulu cha pamwamba pa tchati. Dokotala maso ake ali pa lamanja, limene likuonabe bwino ndi magalasi.

Patapita miyezi inayi ajambulanso. Lamanja lafika madayoputa 50.5 ndi mamaikuloni 465. Madokotala amawerengera kuti nthenda ikuyenda ngati nsonga yakwera ndi dayoputa imodzi kapena kuposa m'chaka chimodzi. Apa yakwera ndi imodzi ndi theka m'miyezi inayi yokha. Pochotsa mamaikuloni 50 a kakhungu ka pamwamba patsala 415. Mpata ulipo, koma ngwochepa, ndipo pa liwiro limeneli sungadikire kuti mnyamatayo alembe mayeso a Fomu 4. Madokotala ambiri sakadadikira ngakhale miyezi inayi ija kwa mwana wa msinkhu umenewu, ndipo ali ndi chifukwa. Pa kafukufuku wa ku Mangalande wofalitsidwa mu 2021, wa ana a zaka 10 mpaka 16, nthenda inapitirira mwa ana 7 pa 100 alionse amene analandira kurosilinki, koma mwa 43 pa 100 amene anangopatsidwa magalasi, m'miyezi 18. Kwa munthu wa zaka 38 amene mapu ake sanasinthe kwa zaka zitatu nkhani njosiyana: iyeyo kurosilinki sangapindule nayo kwenikweni, poti palibe choimitsa.

Zimene zimatsatira opaleshoniyi nzofunika kuzidziwiratu, chifukwa wosachenjezedwa amaganiza kuti amuwononga diso. Masiku awiri kapena atatu oyamba diso limapweteka kwambiri, limatuluka misozi ndi kudana ndi kuwala, popeza pamwamba pake pali chilonda. Dokotala amaikapo kagalasi kofewa kotchinjiriza ndi kupereka mankhwala opha tizilombo, ndipo kakhungu kaja kamameranso m'masiku atatu kufikira asanu. M'mwezi woyamba maso amaona moipirapo kusiyana ndi kale, chifukwa koniya amachita kankhungu, kamene kamayera pang'onopang'ono m'miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka. Choopsa chenicheni, ngakhale sichichitika kawirikawiri, ndi tizilombo tolowa pachilonda chija. Ululu ukamakula m'malo mochepa, kapena pakaoneka kadontho koyera pa koniya, wodwala abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo mapu ayenera kujambulidwabe chaka ndi chaka, pakuti mwa ochepa, makamaka ana ndi amene sanaleke kutikita, nthenda imadzukanso ndipo kurosilinki imabwerezedwa.

Apa ndipo ambiri amakhumudwa, ndipo nkwabwino kunena mosabisa: kurosilinki siibweza maso amene atayika. Diso lamanja la mnyamata uja lidzafunabe magalasi monga linkawafunira dzulo lake. Phindu lake nlakuti akadzafika zaka 30 lidzakhala likuonabe ndi magalasi omwewo. Munthu amene walonjezedwa kuti akatuluka m'chipinda cha opaleshoni adzataya magalasi wanamizidwa.

Nanga diso lamanzere? Dzina la nthenda kapena kukula kwa nambala pazokha sizitumiza munthu kokasintha koniya. Choyamba dokotala amayesa timagalasi touma tovala padiso. Kagalasi kouma sikatsata makwinya a koniya. Misozi imadzaza mpata wa pakati pa kagalasiko ndi nsonga ija, ndipo kuwala kumakumana ndi nkhope yosalala. Diso limene silinkaona chilembo chachikulu likhoza kuwerenga mizere ya m'munsi mphindi yomweyo. Nsonga ikakula kwambiri kagalasi kakang'ono kamagwedezeka ndi kugwa, ndipo pamenepo pali timagalasi tikulutikulu totsamira poyera pa diso ndi kudumpha koniya yense ngati mlatho. Timagalasi timeneti tapulumutsa anthu ambiri ku opaleshoni, koma timafuna manja oyera, mankhwala otsukira, ndi kusagona nato, zinthu zosapepuka kwa mwana wogonera kusukulu kumene fumbi nlambiri ndipo madzi ngosowa. Madzi a pampopi kapena a pachitsime sayenera kukhudza timagalasi timeneti mpang'ono pomwe.

Kusintha koniya kumaganiziridwa pamene njira zimenezi zalephera: pamene chipsera chakhala pakatikati, patsogolo pa mwana wa diso, kotero kuti ngakhale ndi kagalasi koyenera munthu saona mokwanira ntchito yake kapena sukulu yake, kapena pamene nsonga yasongoka mwakuti palibe kagalasi kokhazikika, kapena diso likukana kagalasi kalikonse. Chipsera choterechi nthawi zina chimabwera mwadzidzidzi. Kansalu ka m'kati mwa koniya kamang'ambika chifukwa cha kukokeka, madzi a m'diso amalowa, ndipo munthu amadzuka m'mawa diso litayera ngati mkaka, likupweteka. Madokotala amati haidulopusi. Achibale poona zimenezi amathamangira mankhwala a zitsamba othira m'maso, amene angaonjeze chilonda pamwamba pa vutolo. Zoona zake nzakuti haidulopusi imaphwa yokha m'miyezi iwiri kufikira inayi, dokotala akuthandiza ndi mankhwala, ndipo si nthawi yosinthira koniya. Amadikira kuti madziwo aume, aone pamene chipsera chagwera. Chikagwera pambali, maso amakhoza kuona bwino kuposa kale, chifukwa chipseracho chimakoka nsonga ija nkuiphwetsa.

Diso lathunthu silisinthidwa, monga ena amaganizira. Chosinthidwa ndi kabwalo ka koniya ka mamilimita 8 kapena kuyandikira apo, kochokera kwa munthu amene wamwalira, iye mwini kapena abale ake atavomera. Woyamba kuchita zimenezi mopambana anali Eduard Zirm m'chaka cha 1905 ku Olomouc, mzinda umene tsopano uli m'dziko la Cheki, pa munthu wogwira ntchito kumunda amene anapsa maso ndi laimu. Koniya alibe mitsempha ya magazi, ndipo chifukwa cha ichi thupi silimukana msanga monga limakanira impso kapena mtima. Njira zilipo ziwiri. Yakale ndi kudula kuchindikala konse. Yatsopano, imene inafala dokotala Mohammed Anwar atalongosola mu 2002 za kulekanitsa zigawo za koniya ndi thovu la mpweya, imachotsa zigawo za kutsogolo zokha ndi kusiya maselo opopa madzi a mwini wake. Popeza kukana koopsa kumagwera pa maselo amenewa, njira yachiwiriyi njabwino kwa wachinyamata wa keratokonasi, amene maselo akewo amakhala amoyo. Koma ngati diso linachitapo haidulopusi, kansalu ka m'kati kaja kali ndi pong'ambika, ndipo nthawi zambiri dokotala amakakamizika kudula konse.

Mwa onse olandira koniya, a keratokonasi ndiwo zimawayendera bwino koposa, ndipo ambiri amakhala naye woyera zaka zoposa khumi. Komabe dokotala wanzeru safulumira, ndipo zifukwa zake nzomveka. Kabwalo kaja kamasokedwa ndi ulusi wa nailoni wochepa kuposa tsitsi, kawirikawiri mfundo 16, ndipo ulusiwo umakhalamo chaka kapena kuposa. Maso amakhazikika patapita chaka kapena chaka ndi theka, ndipo ambiri amafunabe magalasi kapena timagalasi touma. Msoko sulimbanso ngati kale, mwakuti mpira kapena chibakera chikhoza kuuphula ngakhale patapita zaka. Kukana kungabwere nthawi iliyonse. Zizindikiro zake ndi kufiira, kudana ndi kuwala, kuchepa kwa kuona ndi ululu, ndipo wofika kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake amapulumutsa koniya wake ndi mankhwala odontheza, pamene wochedwa sabata ziwiri akhoza kumutaya. Ndiponso koniya woikidwa sakhala muyaya, choncho mnyamata amene amulandira ali ndi zaka 16 ayembekezere kudzasinthanso m'moyo wake, ndipo wachiwiri salimba ngati woyamba. Pamwamba pa zonsezi pali kusowa: chiwerengero cha dziko lonse chofalitsidwa mu 2016 chinapeza kuti pa anthu 70 ofuna koniya pamapezeka mmodzi yekha, ndipo maiko ambiri a mu Afirika amachita kuitanitsa kunja. Ku Holande, kurosilinki itafala, kusintha koniya chifukwa cha keratokonasi kunatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Kwa mnyamata wa m'chitsanzo uja, ndondomeko imakhala yotere. Diso lamanja lilandira kurosilinki mwezi womwewo. Kuyabwa kuchizidwa ndi mankhwala oyenera, ndipo pofuna kutikita aziika kansalu konyowetsedwa m'madzi ozizira pa zikope zotseka. Lamanzere, limene pochotsa kakhungu lingatsale ndi mamaikuloni 320 okha, dokotala aona ngati njira zapadera zija zingatheke, ndipo aliyesa kagalasi kakakulu. Likaona nako mokwanira kuwerenga buku, kusintha koniya kuikidwa pambali, mwina kwa zaka zambiri, mwina kwa moyo wonse. Likalephera, dzina lake lilembedwa pamndandanda wa odikira koniya, ndipo tsiku lisankhidwa poganizira ngati banjalo lingathe kubwera kuchipatala mobwerezabwereza m'chaka chonse chotsatira. Abale ake a mimba imodzi nawonso aitanidwa kuti ajambulidwe mapu a maso, kuyambira mng'ono wake wa zaka 11, ngakhale iyeyo sanadandaulepo kanthu.